Zilembo 500 zokha: ndichotse chiyani?

Abale ndi alongo, ndithandizeniko. Ndili ku Dedza, ndikufunsira ntchito ya ulangizi wa mbatatesi pa intaneti. Bokosi lofotokozera luso langa likulola zilembo 500 zokha, ndipo likuwerenga ngakhale mipata ya pakati pa mawu. Zomwe ndalemba zafika 780, moti chiganizo chomaliza chikudukira pakati.

Malonje ndi mawu othokoza ndachotsa kale. Chatsala ndi satifiketi yanga, zaka 3 zomwe ndaphunzitsa makalabu a alimi ku Bembeke kusankha mbewu yopanda matenda, ndi zoti ndimayendetsa njinga yamoto. Za Bembekezo sindikufuna kuzikhudza, umboni wanga wagona pamenepo.

Kodi satifiketi ndingaisiye poti ili kale mu CV? Nanga kufupikitsa maina a mabungwe, olemba ntchito amakuona ngati ulesi? Akutseka Lachisanu.