Mawu a zithunzi za chakudya chapadera cha sabata ya mawa

Nabanda: Moni nonse apabanja. Monga tinagwirizanirana, ndakonza mawu oti aziperekeza zithunzi za chakudya chapadera cha tsiku lililonse kulesitilanti ya Azakhali, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Ndisanawatumize, ndikufuna muone chimene chinalakwika sabata yathayi. Masiku onse 7 tinkayamba ndi chiganizo chimodzimodzi chakuti, “Takulandirani nonse makasitomala athu okondedwa ku lesitilanti yathu, kumene mumalandiridwa ndi manja awiri tsiku lililonse la sabata.” Ndawerenga zilembo zake pamodzi ndi mipata ndipo zakwana 134, pamene Instagram imaonetsa zilembo pafupifupi 125 zokha, kenako imadula n’kuika mawu akuti more. Ndiye kuti munthu amene sanadine pamenepo anangolandira moni wathu, dzina la chakudya osaliona n’komwe.

Azakhali: Mwanawe, moniwo ndinaulemba ndine, ndipo sindikuona cholakwika kulandira munthu mwaulemu asanamve za malonda.

Nabanda: Ulemu sitiutaya ayi, Azakhali, tingousamutsa. Moni upite kumapeto, ndipo mzere woyamba ukhale ndi zinthu ziwiri: dzina la chakudya ndi chifukwa chimodzi choti munthu asiye kuseweretsa chala pafoni. Chifukwa chimenechi ndicho ndikuchitcha nyambo, ndipo chizisintha tsiku ndi tsiku, popeza amene amatitsatira ndi anthu omwewo, ndipo akazolowera kayambidwe kamodzi diso lawo limangodutsa ngati aona kale. Komanso mawu athu Achichewa ndi aatali, “mumalandiridwa” yekha wadya zilembo 14, choncho mzere woyamba usapitirire mawu 12 kapena 13.

Bambo Aang’ono: Tumiza tione, koma uyambe ndi masiku amene sukukayikira.

Nabanda: Lolemba nyambo ndi nthawi, chifukwa ambiri obwera masana amakhala akuthamangira kubwerera kuntchito: “Supu wa nkhuku ndi buledi, pathebulo panu m’mphindi 10. Mubwerera kuntchito nthawi isanathe.” Lachiwiri nyambo ndi kaphikidwe: “Nkhuku yootcha ya lero yagona m’zokometsera kuyambira dzulo 6 koloko madzulo.” Pansi pa mzere woyambawo, tsiku lililonse padzakhala mtengo, nthawi imene chakudyacho chiyambe kupezeka, ndi njira yoodera, m’ndondomeko yomweyo osasintha, kuti munthu asamalembe uthenga wofunsa zimene tikanamuuza kale.

Azakhali: Za mphindi 10 ndavomera pa supu yekha, chifukwa amakhala atapsa kale ndipo ntchito imangokhala yopakula. Musadzayese kulemba zimenezo pa chakudya chootcha. Za nkhukuzo ndi zoona, koma nthawi zina ndimaiviika 7 koloko ntchito ikachuluka, ndiye mulembe kuti “kuyambira dzulo madzulo” basi, ndisadzapezeke wabodza chifukwa cha ola limodzi.

Nabanda: Ndasintha. Lachitatu ndi pamene ndikufuna maganizo anu, chifukwa nyambo yake ndi kuchepa kwa chakudya: “Nsomba yokazinga lero, mbale 15 zokha. Zikatha zatha.”

Alamu: Pepani, ndilowererepo, popeza buku la malonda ndimasunga ndine. Lachitatu lililonse Azakhali amakonza mbale 24 za nsomba, osati 15. Kodi nambala imeneyi yachokera kuti?

Nabanda: Ndinaichepetsa dala, alamu, kuti anthu afulumire.

Alamu: Pamenepo ndiye ndikukana. Chipinda chodyeramo ndi chaching’ono, ndipo kasitomala amene wakhala pafupi ndi khomo la khitchini amaona mbale iliyonse ikutuluka. Akawerenga n’kupeza kuti zadutsa 15 koma nsomba ikubwerabe, sadzakhulupiriranso nambala iliyonse imene tidzalembe, ngakhale tsiku limene tidzanene zoona. Palinso vuto lina limene mwina simunaliganizire: munthu amene waona uthengawo 1 koloko adzaganiza kuti mbale 15 zatha kale, sadzavutika n’kubwera, pamene ife tatsala ndi mbale 9 zimene madzulo tidzasowa pozipititsa. Nambala yaing’ono imafulumizitsa oyandikira, koma akutali imawabweza.

Bambo Aang’ono: Mkamwini wanena zoona. Lembani 24. Koma ine ndikuwonjezera kuti nyambo yotereyi ili ndi ngongole yake: nsomba ikatha, uthengawo usinthidwe nthawi yomweyo, pamwamba palembedwe kuti zatha. Ndinapitapo pamalo ena odyera nditakopeka ndi chithunzi, ndinayenda mtunda ndithu, n’kukauzidwa kuti chakudyacho chinatha kalekale pamene chithunzi chinali chikadali pompo. Sindinakangane nawo, koma sindinabwererekonso.

Mzime: Ntchito imeneyo ndiitenga ine, Bambo, chifukwa masana ndimakhala pakauntala. Pa Facebook ndi pa Instagram mawu amatheka kusintha uthenga utatumizidwa kale, koma pa WhatsApp Status sizitheka, ndiye kumeneko ndidzachotsa chithunzicho n’kuika china cholembedwa kuti zatha, apo ayi chikhala chikuitana anthu kwa maola 24. Ndikupemphanso kuti zikatsala mbale 6 ndiikepo uthenga wachidule wonena zimenezo, chifukwa imeneyo ndi nambala yoona ndipo imafulumizitsa munthu kuposa yopeka.

Azakhali: Chinthu chimodzi mwaiwala nonsenu, chifukwa simupita kukagula. Nsomba sindiidziwa kuchuluka kwake mpaka itafika m’mawa wa tsikulo. Pali masiku amene woperekayo amabweretsa yokwana mbale 18 zokha, ndipo pali masiku amene ndimaibweza ndikaona kuti maso ake achita mbuu ndipo mnofu ukaudina sukubwerera. Choncho uthenga wa Lachitatu musaukonzeretu kuti udzituluka wokha.

Nabanda: Mwandithandiza kwambiri, Azakhali. Ndinafuna kuika mauthenga onse 7 mu Meta Business Suite Lamulungu madzulo kuti azituluka okha 10 koloko m’mawa uliwonse, anthu asanasankhe kokadya masana. Tsopano wa Lachitatu ndiusunga osautumiza, malo a nambala ndisiya opanda kanthu, ndipo mudzandiuze nsomba ikangofika. Ikakanika, tidzatulutsa uthenga wa nkhuku ndi mawu ena.

Nabanda: Lachinayi nyambo ndi funso: “Nyama ya ng’ombe yophika pang’onopang’ono: mudya ndi mpunga kapena ndi mbatatesi?” Ndasankha funso la mayankho awiri okha, chifukwa loti “mumakonda chakudya chanji” limafuna kuti munthu aganize, ndipo ambiri amangolidutsa.

Alamu: Funsolo ndi labwino, koma ayankhe ndani? Mwezi watha munafunsa funso, anthu 11 anayankha, ndipo palibe wa ife amene anawabwezera mawu mpaka tsiku lotsatira. Wina mwa iwo anafunsa ngati tingamusungire mbale, ndipo tinaona uthengawo chakudya chitatha.

Nabanda: Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndauvomera. Lachinayi ndidzakhala pafoni kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko. Ngati sindidzapezeka, ndi bwino funsolo tilisinthe ndi nyambo ina kusiyana n’kufunsa anthu kenako n’kuwasiya akulankhula okha. Lachisanu ndi kanema wa masekondi 10 wa nyama ili pamoto, mafuta akudontha, ndipo mawu ake ndi ochepa: “Kwezani voliyumu. Nyama yootcha yayamba kulira pamakala.” Mzime, udzajambule pafupi ndi zenera, magetsi a m’khitchini atazimitsidwa, chifukwa kuwala kwake kumachititsa nyama kuoneka yotuwa ngati yagonera.

Mzime: Ndamva, achemwali, koma ambiri amaonera makanema mawu atatseka, ndiye dzina la chakudya ndidzalilembanso pakanema penipenipo.

Nabanda: Loweruka ndinafuna kugwiritsa ntchito mawu a kasitomala uja amene anauza Azakhali kuti keke yawo ya mandimu inamukumbutsa ya mayi ake, pamodzi ndi chithunzi cha kasitomalayo chimene Mzime anajambula.

Bambo Aang’ono: Kodi mwiniwakeyo mwamupempha? Mawu amene munthu wanena pathebulo ananenera achemwali anga, sananenere dziko lonse, ndipo nkhope ya munthu si yoikapo pa malonda iye asakudziwa. Mwina tsiku limenelo anauza abwana ake kuti ali kwina.

Azakhali: Amabwera Lachiwiri lililonse, ndidzamufunsa ndekha. Akalola, mulembe mawu ake monga anawanenera, osakometsera, ndipo chithunzi chikhale cha keke, osati cha iye. Akakana, mulembe za ine, kuti keke imeneyi ndimaiphika ndekha m’mawa anthu asanafike, ndipo makoko a mandimu ndimapala ndi dzanja.

Nabanda: Kunena zoona, Azakhali, yachiwiriyo ikundikomera kuposa yoyamba. Lamulungu nyambo ndi kuitana gulu: “Nkhuku yathunthu, mpunga ndi saladi, zokwana anthu 4. Odani isanakwane 11 koloko.” Umenewu ndi wokhawo umene utuluke Loweruka madzulo, chifukwa anthu odya pamodzi amapangana dzulo lake.

Alamu: Funso langa lomaliza ndi lakuti tidzadziwa bwanji nyambo imene yagwira. Ndikuchenjezeni pasadakhale kuti tisadzawerenge mitima ndi zala zimene anthu adina, chifukwa theka la odinawo ndi ife tomwe apabanja, ndipo ena ali kutali koti sangabwere kudzadya. Ine ndidzalemba mbale za chakudya chapadera zimene zagulidwa tsiku lililonse ndi nthawi imene chathera, n’kuyerekeza ndi tsiku lomwelo la masabata 4 apitawa. Komabe ngakhale pamenepo tisafulumire kuweruza. Lachisanu likadzagulitsa kuposa Lolemba, sitinganene kuti kanema waposa nyambo ya nthawi, popeza Lachisanu limagulitsa kale kwambiri ndipo nyama yootcha imakondedwa kuposa supu. Njira yoona ndi yakuti sabata inayo chakudya chikhale pa tsiku lake lomwelo koma nyambo zisinthane, mwachitsanzo funso lipite Lachiwiri pa nkhuku, kaphikidwe kapite Lachinayi pa nyama ya ng’ombe. Tikatero chosintha chidzakhala chimodzi chokha.

Mzime: Ine ndikhoza kumafunsa aliyense wooda chakudya chapadera kuti wachidziwa bwanji, n’kumaika kamzere papepala: foni, bolodi la pakhomo, kapena kuuzidwa ndi mnzake.

Alamu: Uchite zimenezo, koma ufunse onse, osati okhawo amene ukuwadziwa.

Azakhali: Ndavomera zonse, kupatula chimodzi. Chithunzi cha nkhuku chimene mwasunga ndi cha tsiku la phwando, pamene ndinaika zidutswa zitatu m’mbale, koma mbale yogulitsa imakhala ndi ziwiri. Mzime abwere mawa 11 koloko adzajambule mbale yeniyeni imene kasitomala adzalandire.

Nabanda: Chithunzi chakalecho ndachichotsa. Mauthenga a Lolemba, Lachinayi ndi Lamulungu ndiwaika usiku uno. Wa Lachiwiri udikira chithunzi chatsopano, wa Lachisanu udikira kanema, wa Loweruka udikira yankho la kasitomala uja, ndipo wa Lachitatu udikira nambala yochokera kwa Azakhali m’mawa wa tsikulo.