Akuti ndalama atumiza pokhapokha ana akakhale kwa amayi ake, nditani?

Wobisa dzina: Aadimini ndibiseni chonde, azilamu anga ali pa gulu pompano. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Ulongwe. Bambo a anawa ndakhala nawo zaka 7, ankhoswe analipo koma ku rejisito kapena kutchalitchi sitinapiteko. Chaka chatha anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Moatize, ndipo kuyambira mwezi wa Malichi sanabwerenso. Ndamva kuti akukhala ndi mkazi wina wogulitsa mowa, amene ndinkamupatsa moni ngati mnzanga. Firiji imene ndinagula ndi ndalama zanga za mbatata anatuma mng'ono wake kudzaitenga ine ndili kumunda. Apongozi anga sanandikondepo chiyambire, pa maliro a bambo anga anabwera chimanjamanja. Tsopano bamboyo akuti satumizanso ngakhale metikali imodzi pokhapokha ana akakhale kwa amayi ake ku Tsangano, ati chifukwa anapereka ng'ombe. Wamkulu ali ndi zaka 6, wamng'ono zaka 2. Lendi ndatsalira miyezi itatu. Kodi angandilande ana? Nanga poti sitinakwatirane mwa boma, ndingakadandaule kuti? Usiku sindikugona.

Ankolo a ku Zobwe: NG'OMBE ZINAPITA, ANA NDI A BAMBO. Nkhani yatha. Akazi a masiku ano mukufuna ng'ombe, mukufuna ana, mukufunanso M-Pesa mwezi ndi mwezi. Ine ndinatumiza ndalama zaka zinayi, kupita kukaona mwana ndinapeza alibe nsapato koma mayi ake ali ndi mesh watsopano kumutu.

Make Tereza: Ankolo, ng'ombezo anadya ndi ana? Mana, ine zinandichitikira chimodzimodzi, wanga anathawira ku Beira. Ndinalira mpaka ndinaonda ngati bango. Lero ndikugulitsa makala, ana anga akudya. Muiwaleni ameneyo, Mulungu ndiye amalera.

Wachopela: Firiji ija ikuziziritsa mowa ku Moatize pano, ndi kutentha kwa kuno simuionanso 😂

Nabanda wamkulu: Mwana wanga, ankhoswe ako ali kuti? Ife Achewa ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume ako. Zoti ana apite kwa agogo a kuchimuna nzachingoni zimenezo. Ukanakhala pa chikamwini bwenzi zonsezi kulibe.

Ankolo a ku Zobwe: Mayi, ku Angonia si kwa Achewa okha. Anavomera chitengwa yekha, ng'ombe analandira abale ake. Abweze ng'ombe kaye ndiye tikambe.

Nangondo: Ndakhala ndikuperekeza amayi pa milandu yotereyi, ndiye mundimvere pang'ono. Mwasakaniza nkhani zitatu: firiji, kokhala ana, ndi chakudya cha ana. Ya firiji isiyeni kaye pambali. Lamulo la mabanja limene tikugwiritsa ntchito pano, la nambala 22 la chaka cha 2019, silifunsa ngati munapita kutchalitchi kapena ku rejisito kuti mwana adye. Mwana wobadwira mu ukwati ndi wobadwira kunja ndi ofanana, ndipo makolo onse awiri ali ndi udindo womulera. Ng'ombe sizigula udindo umenewo, komanso sizipereka ana kwa agogo. Makolo akalephera kugwirizana, woweruza ndiye amanena kumene mwana akhale, poyang'ana chimene chingamukomere mwanayo, ndipo kholo linalo amalipatsa masiku okamuona. Koma mana, simunanene chinthu chachikulu: pa sedula za anawa, zikalata zawo za kubadwa, palembedwa dzina la bambo awo?

Achemwali a ku Dedza: Pitani ku vikitimu sapoti kupolisi, akamuitanitsa mawa lomwe. Kenako kwa majisitireti. Mchemwali wanga anathandizidwa sabata imodzi.

Wachopela: Achemwali, mwawoloka malire osadinditsa. Kuno ndi ku Mozambiki.

Aphunzitsi a ku Domwe: Kwathu kuno ofesi yofanana nayo ndi gabineti yoona za mabanja ndi ana kupolisi. Koma ine ndikudziwa kuti lamulo limati mwana wosakwana zaka 7 amakhala ndi mayi basi, ndipo bambo amadulidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake. Komanso mukakhala limodzi chaka chimodzi ndiye kuti boma likukuwerengani ngati banja.

Nangondo: Aphunzitsi, za chaka chimodzizo zinali m'lamulo lakale la 2004. La 2019 linakweza kufika zaka zitatu. Mayiwa akwanitsa ndithu poti akuti zaka 7, ndipo zimenezo zidzawathandiza pa katundu amene anapeza ali limodzi, monga firijiyo. Za gawo limodzi mwa atatu anthu amazinena kwambiri, koma pa chakudya cha mwana palibe mlingo umodzi wa aliyense. Woweruza amayika pa sikelo zinthu ziwiri, zosowa za mwana ndi mphamvu za woperekayo. Kunena kuti mwana wamng'ono amakhala ndi mayi, nthawi zambiri zimaterodi, makamaka wa zaka 2 amene sanasiyanepo ndi mayi ake, koma musawalonjeze ngati kuti nzosasinthika. Ndinaonapo bambo akupatsidwa ana chifukwa mayi ankawasiya okha usiku.

Ankolo a ku Zobwe: MWAMVA? Bambo naye amapatsidwa ana! Koma pitani ku tiribunale muone ngati mwamuna amamvedwa. Ukangolowa amakuona ngati wakuba. Ine ndinauzidwa kuti ndizimuona mwana Loweruka lililonse, kufika pakhomo akuti wapita kwa azakhali ake. Miyezi isanu! Ndiye ndinasiya kutumiza. Osaona mwana, osatumiza ndalama.

Nangondo: Ankolo, pamenepo munalakwiridwa, ndipo munayenera kubwerera kwa woweruza yemwe uja kukanena kuti chigamulo sichikutsatidwa. Koma posiya kutumiza munalanga mimba ya mwana, mayi ake sanamve kanthu. Ndi zomwenso akuchita bambo a ku Moatizewa, kugwira chakudya ngati chikole.

Ankolo a ku Zobwe: Inu simunaberekepo mwana n'kumanidwa.

Make Tereza: Mwadziwa bwanji? Ankolo khalani pansi, funso si lanu.

Wobisa dzina: Pepani ndinali kumsika. Ankhoswe anakhalapo kawiri, wa kuchimuna sanabwere. Mkazi uja dzulo waika chithunzi atavala chitenje chimene ndinagulira apongozi. Bambo a anawa amalandira mwina 18,000 pa mwezi, ndinaonapo uthenga wa kubanki.

Nangondo: Za chitenje tamva mana, koma sedula?

Wobisa dzina: Wamkulu anakalembetsa okha bambo ake, dzina lawo lilipo. Wamng'ono ndinakalembetsa ndekha iwo ali ku Moatize, pa dzina la bambo sanalembepo kanthu. Ndiye masiku ano akumanena kuti wamng'onoyo sakumudziwa.

Wachopela: Sakumudziwa koma akumufuna ku Tsangano? Mutu wa bambowa ukufunika makanika.

Nangondo: Apo ndiye pagona nkhani, ndipo mukanayamba ndi zimenezi. Ana anuwa ali pa njira ziwiri zosiyana. Wa zaka 6 njira yake ndi yowongoka. Tengani sedula yake ndi chitupa chanu, mupite ku porokuradoriya ya boma la Angonia, mukanene kuti mukufuna pensau, ndalama yolerera mwana, komanso kuti akonze za kumene mwana azikhala. Oimira boma kumeneko ali ndi udindo woyankhulira ana. Kapena pitani ku IPAJ, amene amathandiza ulere anthu osowa ndalama ya loya, kungoti angakufunseni kalata yosonyeza kuti ndinu ovutika. Mlandu umayendera kumene mwana akukhala, simukuyenera kukwera shapa kupita ku Moatize.

Musapite ndi misozi yokha, pitani ndi pepala. Lembani zimene ana amadya pa mwezi. Tiyerekeze lendi 1,500, ufa ndi ndiwo 3,000, sopo ndi makala 800, makope, yunifolomu ndi mankhwala 700, zonse 6,000. Adzakufunsaninso zimene inu mumapeza pa mbatata, musabise, chifukwa nanunso muli ndi gawo lanu. Nenani dzina la kampani imene amagwirako. Munthu wa malipiro a pamwezi ndi wosavuta, chifukwa akapanda kupereka woweruza atha kulamula kuti azidula kuntchito konko asanalandire. Ovuta ndi a maganyu ndi a geni, amene amangoti ndilibe. Pemphaninso kuti aike kandalama kongoyembekezera mlandu usanathe, chifukwa milandu imachedwa. Ndipo dziwani kuti pensau imayamba kuwerengedwa pa tsiku limene mlandu walowa. Miyezi imene mukudikira ankhoswe amene sabwerawo ikungopita.

Wamng'ono ndiye pali ntchito. Pa pepala alibe bambo, ndiye kumulipiritsa munthu kumavuta mpaka ubambowo utakhazikika. Njira yachidule ndi yoti bamboyo apite yekha ku rejisito kukavomera mwana. Akakana, nkhani imafufuzidwa kudzera ku porokuradoriya ndi kukhoti. Pamenepo zaka 7 zija zikugwirirani ntchito, chifukwa lamulo limaganizira kuti mwana wobadwa anthu akukhala limodzi chotero ndi wa mwamunayo, koma muyenera kusonyeza kuti munkakhaladi limodzi. Kalata ya asekeretariyu a bairo kapena amfumu, ankhoswe ngati mboni, khadi la kusikelo ngati analembapo dzina lake. Ndipo uthenga umene akuti "ana" apite ku Tsangano musafufute, ujambuleni lero. Munthu safuna mwana amene si wake.

Aphunzitsi a ku Domwe: Bwanji osangoyamba ku khoti la m'mudzi? Nzachangu ndipo sizidanitsa anthu.

Nangondo: Angayambe kumeneko ngati bamboyo angabwere, ntchito yawo ndi kuyanjanitsa. Koma iwo sangalamule kampani kudula malipiro. Mukagwirizana kulikonse, zilembedwe ndipo zikafike kwa woweruza.

Ankolo a ku Zobwe: AKAYEZE MAGAZI KAYE. Mwamuna ali ku Moatize, mimba ku Ulongwe. Ine sindinena zambiri.

Make Tereza: Werengani bwino ankolo, mwana ali ndi zaka 2, ku Moatize anapita chaka chatha. Masamu anakuvutani kusukulu eti?

Nabanda wamkulu: Zamakhotizi zimatha ndi chidani. Ana amenewa mawa adzafuna kwawo kwa bambo awo. Tuma malume ako apite ku Tsangano akakhale pansi ndi akuluakulu, ng'ombezo ngati nkubweza abweze.

Wobisa dzina: Ng'ombe zinali ziwiri, imodzi inafa, ina amalume anagulitsa. Funso lina, apongozi atuma uthenga kuti wamkulu apite kukacheza pa holide masabata awiri okha. Ndimulole?

Make Tereza: AYI. Wa mnzanga anapita kukacheza, pano ali kalasi 5 komweko.

Aphunzitsi a ku Domwe: Koma kumukaniza kuona agogo ake sikudzamuipitsira mlandu? Adzati mayiyu amabisa ana.

Nangondo: Onse awiri mukunena zoona. Ine ndikanati mulowetse kaye mlandu, ndipo muwayankhe pa uthenga wolemba kuti agogo ndi bambo ali omasuka kudzaona ana ku Ulongwe tsiku lililonse. Za kukagona ku Tsangano zidikire pepala.

Ankolo a ku Zobwe: Agogo a zaka zimenezo akwere shapa kudzapempha kuona mdzukulu wawo? Dziko latha ili.

Wachopela: Nanga firiji, tikuisiya choncho?