Nsomba zafa m'damu lathu mbandakucha: wina wathira mankhwala kapena mpweya unatha?

Mlembi: Abale ndi alongo, mlonda wapeza nsomba zambiri zitayandama m'damu lachiwiri lero mbandakucha, ndipo zochuluka ndi zikuluzikulu zimene tinkayembekezera kukolola. Mphekesera yafala kale yoti wina wathiramo mankhwala usiku, choncho komiti ikupempha maganizo anu.

Alangizi opuma: A Mlembi, musanatchule munthu aliyense, tamufunsani mlondayo ngati nsombazo zinali kubwera pamwamba n'kumayasamula kukamwa dzuwa lisanatuluke, ngati milamba nayonso yafa, komanso mmene kunja kwachera masiku apitawa.

Mlembi: Akuti zakhala zikuyasamula pamwamba m'mawa uliwonse sabata ino, koma dzuwa likakwera zimamira n'kumadya bwinobwino. Milamba ndi achule zili moyo, ndipo kwakhala kotentha, kwa mitambo, kopanda mphepo.

Alangizi opuma: Ngati zili choncho, mlandu wa mankhwalawo uusiyeni. Mankhwala sasankha ola, ndipo kawirikawiri amayambira tinsomba ting'onoting'ono ndi tizilombo ta m'madzi. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za kutha kwa okosijeni, mpweya umene nsomba zimapuma m'madzi. Nsomba zikuluzikulu ndizo zimayamba kufa chifukwa zimafuna mpweya wambiri, pamene mlamba umapulumuka popeza umatha kumeza mpweya wa kunja. Madzi amasunga okosijeni wochepa kwambiri ngakhale zinthu zili bwino. Pa madigiri 20, lita imodzi ya madzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, koma pa madigiri 30 imasunga 7.5 okha, pamene lita imodzi ya mpweya umene tikupumawu ili ndi okosijeni woposa pamenepo nthawi zoposa 30. Nsomba ngati chambo zimakula bwino okosijeni akakhala pa mamiligalamu 5 pa lita kapena kuposa, zimayamba kuvutika akatsika pansi pa 3, ndipo akakhala pansi pa 1 kwa maola angapo zimafa.

Aphunzitsi: Bambo alangizi, ndikuvomereza kuti madzi otentha sasunga mpweya wokwanira, koma pamenepo ndiye pali chondizunguza. Madzi amatentha kwambiri masana, tsono bwanji nsombazo sizikufa masana m'malo mwa mbandakucha pamene kwazizira? Ine ndikuona kuti tingomanga mthunzi pamwamba pa damu, nkhani ithe.

Alangizi opuma: Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino, koma mthunziwo ungathe kuonjezera vuto. Kusiyana kwa 9 ndi 7.5 pakokha sikungaphe nsomba. Chimene chimalamulira damu ndi ndere zosaoneka ndi maso zimene zimabiriwitsa madzi. Dzuwa likawala, nderezi zimatulutsa okosijeni wambiri kuposa amene zikugwiritsa ntchito, moti pofika chakumadzulo madzi amakhala atadzaza mpaka kupitirira muyeso wake. Dzuwa likalowa ntchito imeneyi imaima, koma kupuma sikuima. Nsomba zikupuma, tizilombo towoletsa manyowa ndi chakudya chotsala m'matope tikupuma, ndiponso ndere zomwe zija zikupuma, ndipo m'damu lobiriwira kwambiri nderezo ndizo zimadya gawo lalikulu kuposa nsomba. Kutentha kumabwera apa kachiwiri, chifukwa madzi akatentha ndi madigiri 10, zamoyo zonsezi zimapuma mofulumira pafupifupi kawiri. Choncho usiku wotentha damu limayamba ndi nkhokwe yaing'ono, pamene odyamo akudya mwachangu. Mukawonjezera tsiku la mitambo, ndere sizidzaza nkhokweyo masana, ndipo kukakhala kopanda mphepo mpweya wa kunja umalowa m'madzi pang'onopang'ono kwambiri.

Mayi a m'komiti: Ine ndakhala ndikunena kuti mitengo yozungulira damu ija idulidwe, chifukwa tinaphunzira kuti mitengo imayamwa mpweya usiku. Lero mwaona nokha.

Alangizi opuma: Mayi, mitengo imapuma mpweya wa kunja, siilanda wa m'madzi. Kulakwa kwake ndi masamba amene amagwera m'damu n'kuwolera pansi, komanso kutchinga dzuwa ndi mphepo, choncho kudulira nthambi kungakwane.

Membala wokhala kutali: Zonsezi tazimva, koma ine ndikufunsa a Msungichuma. Kodi sitinasonkhe ndalama za pampu ndi kachipangizo koyezera mpweya? Mpaka lero sitinaonepo lisiti, monga mmene zinathera ndi ndalama za mpanda.

Msungichuma: Achimwene, ndalama za pampu zinagulira chakudya ndi mbewu ya nsomba yowonjezera, ndipo komiti yonse inavomereza. Za mpanda mufunse amene anali pampando nthawi imeneyo.

Alangizi opuma: Za malisiti ndizisiya kwa inu, koma yankho la a Msungichuma landiuza chinthu. Munawonjezera nsomba ndi chakudya, ndiye kuti munachulukitsa odya mpweya, n'kusiya chobweretsa mpweyawo. Kachipangizo kaja kakanakuchenjezani motere. Muyeza 6 koloko madzulo n'kupeza, tinene, mamiligalamu 9 pa lita. Muyezanso 9 koloko usiku n'kupeza 7.2, kutanthauza kuti pa ola lililonse akutsika ndi 0.6. Kuyambira 6 koloko madzulo kufika 5 koloko m'mawa pali maola 11, ndiye kuti adzatsika ndi 6.6 n'kutsala 2.4, ndipo nsomba zidzavutika koma zidzafika m'mawa. Tsopano tengani tsiku la mitambo limene madzulo mwayamba ndi 7 m'malo mwa 9. Ndi katsikidwe komweko, pofika 4 koloko m'mawa mwatsala ndi 1, ndipo dzuwa likadali kutali. Kuwerengera kumeneku sikulondola ndendende, pakuti katsikidweko kamachepa okosijeni akamatha, koma kumakupatsani maola okonzekera.

Aphunzitsi: Nanga popeza kachipangizoko palibe, mlonda adziwa bwanji?

Alangizi opuma: Alowetse mkono m'madzi masana, chikhatho chitatambasulidwa. Ngati chikhatho chikusowa madzi atafika cha m'chigongono, kubiriwirako kuli bwino, koma ngati chikusowa atangopitirira pang'ono polumikizira dzanja, ndere zachuluka ndipo manyowa aimitsidwe. Komanso azizungulira damu dzuwa lisanatuluke, osati 8 koloko pamene zonse zaoneka ngati zili bwino. Kwa lero, chotsani nsomba zakufa chifukwa zikamawola zidyanso mpweya, musadyetse kapena kuthira manyowa mpaka kuyasamula kuja kutasiya, ndipo lowetsani madzi atsopano akugwa kuchokera pamwamba kuti azithovoka. Chepetsaninso nsomba pokolola zina.

Mlembi: Anyamata ena akuti alowe m'damu usiku uno azivundula madzi ndi miyendo.

Alangizi opuma: Aletseni ndithu. Akavundula matope, zowola za pansi zimakwera n'kumaliza okosijeni wotsalayo. Ndi zomwezo zimachitika mvula yozizira ikagwa mwadzidzidzi patatha masiku otentha, pamene madzi a pansi opanda mpweya amasakanizika ndi a pamwamba. Ngati akufuna kuthandiza, atunge madzi a pamwamba ndi ndowa n'kumawamwaza, ngakhale kuti pa damu lalikulu mphamvu ya ndowa ndi yochepa.

Mayi a m'komiti: Komabe ine za mankhwala sindinazichotse mumtima, chifukwa damu loyamba lili pafupi pomwepo ndipo simunafe nsomba ngakhale imodzi.

Alangizi opuma: Mayi, funsani kuti ndi damu liti limene linalandira mbewu yowonjezera ija ndi manyowa a nkhuku, ndiponso muyerekeze mtundu wa madzi a madamu awiriwo.

Msungichuma: Mbewu inapita m'damu lachiwiri, koma amene analamula za manyowa si ine.

Membala wokhala kutali: Ndiye mutiuze amene analamula, ndipo mabuku a ndalama abwere pamsonkhano tisanasonkhenso za pampu ina.

Mlembi: Sindinamvebe kuti amene akatsegule ngalande ya madzi usiku uno ndi ndani.