Za nsima yotsala ndi ndiwo za nyama: zimene ndinachita

Ndinafunsa kuti: “Kodi nsima ndi ndiwo za nyama zogona ndingazitenthetse bwanji kuti zikome komanso zisadwalitse ana?”

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo oika chakudyacho m’firiji pasanathe maola 2 chiphikireni. M’mawa ndinadula mkute tizidutswa, ndinauika m’madzi owira pang’ono ndi kuuvundula ndi mthiko mpaka unafewa ngati nsima yatsopano. Ndiwozo ndinathiramo madzi pang’ono ndi kuzibwatitsa mpaka nyama inatentha mkati momwe, ndipo ana anadya bwino osadandaula m’mimba.

Muzitenthetsa zokwanira kudya nthawi yomweyo, chifukwa kubwerezabwereza n’koopsa. Ndiwo zimene zagona panja nyengo yotentha muzitaye ngakhale zisanasase, pakuti poizoni wa tizilombo tina satha ndi moto.