Fizi yakwera, tsiku lotsegulira lasuntha: kalata kwa makolo ndiilembe bwanji?

Ahedi a ku Dedza: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Sukulu yathu ndi sekondale yogonera, yapulayiveti. Fizi ikuchoka pa K180,000 kufika pa K225,000 pa teremu, komanso teremu yachiwiri titsegula mochedwa ndi sabata imodzi chifukwa denga la hositelo ya atsikana silinathe. Ndayamba kalata ndi "chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu", koma ndikaiwerenga ikundinyansa ndekha.

Mayi a ku Zomba: Ikunyansani chifukwa kholo nalonso limagula ufa, za mitengo likudziwa kale. Chimene silikudziwa ndi kumene K45,000 yakeyo ikupita. Igaweni pamaso pawo: yakuti ku chimanga, nyemba ndi nkhuni, yakuti ku malipiro a aphunzitsi. Koma musanafike pa zifukwa, mzere woyamba unene ndalama yakale, yatsopano ndi tsiku loyambira. Ambiri amawerenga mzere umodzi basi, kalata n'kuipinda.

Ahedi a ku Dedza: K30,000 ndi ya chakudya, K10,000 ya aphunzitsi, K5,000 ya magetsi ndi madzi.

Bambo a ku Mzimba: Kodi unduna wakulolani? Fizi sitikweza tokhatu ife.

Mayi a ku Zomba: Abambo, anena kuti ndi yapulayiveti. Funso ndi lakuti bodi ndi komiti ya makolo anakhalapo pansi? Ngati anakumana, tsiku la msonkhanowo lilembedwe, ndipo apampando a komiti asayine nawo. Kalata ya ahedi okha imaoneka ngati ndalamazo zikulowa m'thumba mwawo.

Achiwiri kwa ahedi, Mangochi: Ine ndinapsa nazo. Ndinalemba "tidzatsegula sabata yachiwiri", ana ena anafika Lamlungu loyamba kukhitchini kulibe ndi moto womwe. Lembani tsiku ndi deti, kuti ogonera afike Lamlungu lakuti, makalasi ayamba Lolemba. Komanso musadalire chikwama cha mwana. Ijambuleni muiponye pa gulu la makolo, muisiyirenso kachidutswa pansi koti kholo lisayine n'kubweza.

Bambo a ku Mzimba: Chabwino, ndamva. Komabe nkhani ziwirizi m'kalata imodzi ndi moto. Kholo lidzati ndilipire zambiri, mwana aphunzire masiku ochepa? Lembani makalata awiri.

Mayi a ku Zomba: Pa funso la kholo mwalasa, koma makalata awiri adzati mumabisa. Ikhale imodzi, inene mmene sabatayo ibwezeredwe, makamaka a Folomu 4 poti MANEB sidikira denga lanu. Munenenso kuti ndalama ya mayeso siili m'kati mwa K225,000. Ndipo apatseni polowera: K125,000 potsegulira, K100,000 pakati pa teremu, pa akaunti ya sukulu, osati pa nambala ya munthu.

Ahedi a ku Dedza: Zolipira kawirizo abodi avomera. Pavuta ndi pa sabata ija. Ine ndimafuna tiziphunzitsa Loweruka, koma tili ndi ana ndi aphunzitsi a Sabata. Tikatseka mochedwa, holide ya Isitala ifupika.

Achiwiri kwa ahedi, Mangochi: Nanga kuwonjezera piriyodi imodzi masana? Muwerengere kaye ngati ikwana, kalatayo isanatuluke.