Mafuta a mu fulaya amugwera mnyamata pamkono, amupaka kale mankhwala otsukira mano, nditani?

Nachisale: Anzanga a m'makhitchini thandizeni msanga. Mnyamata wanga wa pa fulaya watsitsa basiketi yonyowa, mafuta athetheka n'kumugwera pamkono, mbali ya mkati, pakati pa chigongono ndi povala wotchi. Kukula kwake ngati zala zitatu kuziphatikiza, pafiira, ndipo pakati patuluka thuza limodzi. Ine ndinali kokalandira katundu. Pobwera ndapeza anangoika pampopi mwina mphindi ziwiri, kenako wotsuka mbale wamupaka mankhwala otsukira mano, mkono wonse mbuu. Papita pafupifupi ola, akuti kukuwotchabe. M'bokosi la thandizo loyamba muli thonje, bandeji, pulasitala ndi jivii basi. Maoda ali mbwee. Nditsuke kapena ndisiye? Thuza ndiboole? Angabwerere pa fulaya?

Che Bwanali: Ayisi, mayi. Tengani mu firiza, kulungani m'kansalu, mugwiritse pamenepo. Mphindi zisanu ululu watha, mwana wabwerera pamoto.

Mayi a Tadala: Ayisi ayi, chonde. A Nachisale, nthawi siinathe. Madzi amathandizabe malinga ngati maola atatu asanakwane chipsereni, ndiye mubwezereni pampopi pompano, mphindi 20 zathunthu, wina aziyang'ana wotchi. Madzi akhale ozizira wamba, oyenda pang'onopang'ono, osati otsegula mwamphamvu oti n'kuphulitsa thuzalo. Mankhwala a manowo asiyeni achoke okha ndi madziwo. Akakanirira gwiritsani kasopo pang'ono ndi zala zosamba bwino m'mbali mwake, osapala ndi nsalu kapena siponji. Ngati wavala wotchi, chibangili kapena mphete kumkono umenewo avule tsopano lino, chifukwa pakatupa sizidzavulikanso. Mphindi ziwiri zija sizinachite kanthu. Mafuta a mu fulaya amakhala pa madigiri 170 mpaka 190, pamene madzi owira amathera pa 100, ndiponso mafuta amakakamira pakhungu m'malo motsetsereka. N'chifukwa chake akuti kukuwotchabe.

Nachisale: Ali pasinki ya kumbuyo. Wotchi tavula. Akuti madzi akuthandiza koma akachotsa mkono ululu ukubwerera.

Mayi a Tadala: Ndiye asachotse. Mupezereni mpando, ndipo mumuveke jekete kumapewa. Tikuziziritsa mkono, munthuyo asayambe kunjenjemera.

Che Bwanali: Mphindi 20 pa nthawi ya maoda? Inu munagwirapo khitchini yodzaza? Ine ndakalambira pamoto, manja anga onse ndi zipsera, ndipo nthawi zonse ndi ayisi. Sindinagonepo m'chipatala.

Jailosi wa pa Gilili: Achimwene, zipsera zimenezo ndiye mukuti ndi umboni woti ayisi amagwira?

Che Bwanali: Ndikunena za ululu. Ululu umatha.

Mayi a Tadala: Umathadi, a Bwanali, pamenepo sindikukutsutsani. Umatha chifukwa khungu lachita dzanzi. Koma kuzungulira pamene papsa kwambiri pamakhala khungu lomwe lavulala koma silinafe, ndipo kuti lipulumuke limafuna magazi azifikapo. Ayisi amafinya timitsempha ting'onoting'ono tija, magazi n'kuchepa, ndiye bala lomwe likanakhala lapamwamba limatha kulowa pansi. Komanso poti munthu sakumva kanthu, sadziwa kuti kuzizirako kwayamba kumuwononga. Kansalu kokulungira kamachepetsa ngoziyo koma sikasandutsa ayisi kukhala madzi a pampopi.

Alongo a Makeke: Kwa ife ngozi yake ndi madzi otentha. Mtsikana wina anadzikhuthulira ketulo pantchafu atavala buluku lokhuthala. Anachita manyazi kuvula pamaso pa anyamata, anathamangira kuchimbudzi n'kukhala kumeneko akupemerera ndi katoni. Nsalu yonyowa ija inasunga kutentha konse pakhungu. Pomwe tinkamupeza matuza anali ndandanda mpaka pabondo. Chiyambire pamenepo ndimauza aliyense watsopano kuti madzi otentha akakugwera, chovala chichoke nthawi yomweyo, ena atembenuke kapena akutchingire ndi epuloni. Pokhapokha ngati nsalu yamatirira pakhungu, imeneyo osakoka, kungodula mozungulira n'kuthira madzi pamwamba pake.

Wa Kantini: Osathira madzi pa mafuta anthu inu! Zimitsani gasi, vundikirani ndi chivundikiro kapena bulangete la moto. Madzi amaphulitsa.

Jailosi wa pa Gilili: Bambo, werengani bwino. Fulaya sinayake, wapsa ndi munthu.

Wa Kantini: Aa, pepani, ndinangoona mafuta ndi madzi. Komabe zimene ndanenazo n'zoona.

Jailosi wa pa Gilili: Za thuza, ine ndimawotcha singano pamoto n'kuboola m'mbali, madzi atuluke, khungu lija n'kulisiya pomwepo. Lipolerapo msanga, ndipo siliphulikira m'golovesi uli pa ntchito.

Mayi a Tadala: Zosiya khungulo mwalondola, zoboola ayi. Thuza losaphulika ndi chotsekera chabwino kuposa chilichonse chili m'bokosi la a Nachisale. Mukaboola mwatsegulira tizilombo khomo, m'khitchini momwe muli nyama yaiwisi ndi nsalu zopukutira zomwe aliyense wagwira. Likaphulika lokha, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo n'kuphimba.

Jailosi wa pa Gilili: Koma kuchipatala ine anandichotsa thuza lonse ndi lumo lawo, namwino yemwe. Ndiye iwo analakwitsa?

Mayi a Tadala: Sanalakwitse. Matuza akuluakulu kapena a pamalo opindika ena amawachotsa kuti aone pansi pake, ndipo azachipatala nawonso sagwirizana onse pa kukula koyenera kuchotsa. Koma iwo ali ndi zida zowiritsa ndi zomangira zosamatirira. Ife tili ndi singano ya yunifolomu.

Nachisale: Mphindi 20 zakwana. Zoyerazo zachoka, thuza lilipo. Ndipake jivii kenako thonje ndi bandeji?

Mayi a Tadala: Zonse ziwiri ayi. Thonje limasiya ulusi pabala, pochotsa mudzachotsa ndi khungu lomwe. Jivii amabisa mtundu wa balalo, ndipo mtunduwo ndi umene ukuuzeni ngati lili lapamwamba kapena lakuya. Muli ndi pulasitiki womata uja wokutira chakudya? Tayani chigawo choyamba cha pa mpukutu, dulani china choyera, muchiyale pamwamba motsatira kutalika kwa mkono. Osazunguliza mkono wonse ngati mukukuta mbale, chifukwa pakatupa adzafinya. Ameneyo ndi wongodikirira, samata pabala ndipo mumaona mkati. Akaweruka apeze gozi wosamatirira ku famase kapena akamumange kuchipatala. Pa ululu, parasitamo wa 500 mg awiri ngati ndi wamkulu ndipo alibe vuto la chiwindi, asabwereze maola anayi asanakwane, asapitirire mapilitsi 8 pa tsiku.

Alongo a Makeke: Ndiwonjezere za zopakapaka, poti wotsuka mbale wanuyo sali yekha. Ndaonapo dzira laiwisi, batala, mafuta omwewo ophikira, mchere, ufa, mpaka sopo wa mbale. Zamafuta zimatsekera kutentha mkati, dzira limabwera ndi tizilombo take, mchere ndi chilango chabe. Mankhwala a mano amanamiza chifukwa amazizira pakhungu monga amachitira m'kamwa, koma kutentha kwa mkati sachotsa. Choipitsitsa n'chakuti akauma, wina ayenera kuwachotsa pabala laliwisi, munthu akukuwa.

Che Bwanali: Chabwino, nanga mpopi ukauma? Kapena madzi a m'thanki ya padenga atafunda ndi dzuwa? Ayisi amakhalapo nthawi zonse.

Mayi a Tadala: Funso limeneli ndi labwino. Ndowa ya madzi oyera ndi kapu, muzithira pang'onopang'ono mkono uli pamwamba pa beseni, kapena kuviika m'beseni n'kumasintha madzi akafunda. Akakhala ofunda sakanizani ndi a m'furiji mpaka azizire moti dzanja lanu n'kukhalamo osamva kuwawa. Chibuluma cha ayisi chisakhudze bala.

Che Bwanali: Ndiye mwavomera kuti furiji imathandiza.

Jailosi wa pa Gilili: Mudala, siyani.

Bambo Nkhoma: Ine ndimayang'anira makhitchini angapo, ndiye ndinene za kubwerera pa fulaya. Asabwerere lero. Kutentha kwa fulaya kungomuwomba pamkonopo adzamva ngati wapsanso, ndipo munthu wochita mantha ndi mafuta ndi amene amaponya basiketi. Muikeni pa ntchito youma, kutali ndi moto ndi sinki, bala litaphimbidwa. Chinanso, musagamule lero kuti ndi kabala kakang'ono. Kupsa ndi mafuta kumaonetsa kuya kwake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Tinali ndi wophika wina amene mafuta anamugwera pamwamba pa phazi kudzera m'nsapato ya nsalu, iye n'kumaseka kuti sizikuwawa n'komwe. Pakati pake panali poyera, pouma ngati chikopa. Kusawawako kunali chifukwa mitsempha yomvera inali itapsa, ndipo mapeto ake anachita kumuika khungu lochokera pantchafu. Lofiira, lonyowa, lopweteka nthawi zambiri ndi lapamwamba. Loyera, lotuwa kapena lakuda losamva kukhudza, kuchipatala osadikira shifiti ithe.

Mayi a Tadala: Eya. Komanso lililonse lokula kuposa chikhatho cha mwini wakeyo, kapena la kumaso, m'manja, kumapazi, kumalo obisika, pamfundo ngati chigongono, kapena lozungulira mkono wonse. Mwana, wokalamba, kapena wa matenda a shuga musalimbane nazo nokha. A Nachisale, thuzalo lafika pafupi bwanji ndi popindikira dzanja? Ngati lakhudzapo akaonedwe lero lomwe. Mumufunsenso kuti jakisoni wa kafumbata anabayitsa liti. Masiku akubwerawa muziyang'ana ngati kufiira kukufalikira, ululu ukukula m'malo mochepa, patuluka mafinya kapena fungo, kapena thupi latentha. Lapamwamba limayenera kukhala litapola pofika milungu iwiri.

Bambo Nkhoma: Ndipo lembani m'buku la ngozi, nthawi ndi zimene mwachita. Likadzavuta, abwana adzati palibe anawauza.

Wa Kantini: Buku la ngozi kwathu tinalisandutsa lolembamo masilinda a gasi.

Jailosi wa pa Gilili: Koma funso langa ndi lakuti basiketi inanyowa bwanji. Ndani amatsuka mabasiketi pakati pa shifiti n'kuwabweza osauma? Kwathu timawapachika pamwamba pa uvuni, ndipo amene watsuka ndi amene amayankha.

Alongo a Makeke: Mwina si basiketi, mwina ndi zokazingazo zochokera mu firiza zili ndi chipale cha ayisi. Zimathetheka chimodzimodzi.

Che Bwanali: Mwaona, ayisi mukumunamizira chilichonse tsopano. A Nachisale, mwana uja ali bwanji?

Jailosi wa pa Gilili: Akuoneka kuti abwerera ku maoda. A Nkhoma, mafulaya anu mumasefa mafuta akadali otentha kapena mumadikira m'mawa? Ife tikukangana nazo chiyambire sabata yatha.