Sitetimenti ndaiika mu Sheets koma K60,000 sikuoneka komwe yachokera

Mayi wa ku Chilinde: Abale ndithandizeni. Ine ndi bambo akunyumba tinagwirizana zoyamba kulemba bajeti poti salale ikumatha pa 15 osadziwa kuti yalowera kuti. Ndinakatenga sitetimenti ku banki ya Epulo ndi Meyi, mapepala atatu, ndajambula pa foni nkugwiritsa ka apu kena kosandutsa chithunzi kukhala tebulo kenako ndaika mu Google Sheets. Koma ndikawonkhetsa zotuluka zikuchuluka ndi K60,000 kusiyana ndi zomwe balansi yomaliza ikunena, ndiye mizere ilipo 90 kuti ndiziona umodziumodzi maso akuwawa. Madetinso asokonekera, pa 03/04 pakusonyeza Malichi. Bambowo ayamba kale kundiyang'ana ndi diso lina.

Mjomba wa Kabaza: Amenewo akuberani mayi, mawa mulawirire kubankiko mukawaonetse mapepalawo

Mayi wa ku Chilinde: Ayi achimwene, papepalapo zili bwinobwino, vuto lili mu tebulo langali

Mtsikana wa ku Poly: Sanjani kolamu ya zotuluka kuyambira yaikulu kutsika, nambala yolakwikayo ibwera pamwamba yokha. Za madeti pitani File, Settings, pa Locale musankhe United Kingdom, panopa ili pa United States nchifukwa chake ikuyamba ndi mwezi.

Akalaliki Opuma: Za Locale mwana wanga walondola, kungoti kusintha kokhako sikukonza madeti omwe alowa kale, musinthe kaye kenako muwamatenso. Koma kusanja musayambe. Sitetimenti imadziyesa yokha ndi kolamu ya balansi, ndipo mukasokoneza ndondomeko ya mizere mwataya muyesowo. Tinene kuti C ndi zotuluka, D zolowa, E balansi, ndipo mzere woyamba wa ndalama ndi 2. Mu F3 lembani izi nkukokera mpaka pansi:

```
=ROUND(E2-C3+D3-E3,2)
```

Pomwe apu yawerenga bwino patuluka 0. Pakakhala nambala pa mzere umodzi wokha, ndiye kuti ndalama ya mzere umenewo ndi yomwe yawerengedwa molakwika, kapena pali mzere wadumphidwa pamwamba pake, zimachitika kwambiri popindika pepala ndi kumapeto kwa tsamba. Ikatuluka mizere iwiri yotsatana, wina 500 wina -500, cholakwika ndi balansiyo osati ndalama. Muonenso manambala okhala kumanzere kwa kabokosi, amenewo kompyuta ikuwatenga ngati mawu, mwina mwalowa chilembo O m'malo mwa 0, ndipo SUM imangowadumpha osanena kanthu.

Mayi wa ku Chilinde: Eeh bambo zatheka!! Mzere 41 watulutsa -60000. Balansi inali 184,300.00 ndinagula mayunitsi a magetsi a 15,000.00 nkutsala 169,300.00, koma mu tebulo munalembedwa 75,000.00, 1 uja inamuwerenga ngati 7. Pamenepo mpomwe panali chithunzithunzi cha dzanja langa pojambula. Kwina konse ndi ma 0.

Akalaliki Opuma: Basi. Ulendo wina pepala muliyale patebulo pafupi ndi windo masana, foni molunjika pamwamba, opanda fulashi, kapena mupemphe kubanki akutumizireni PDF pa imelo. Tsopano fufutani kolamu F ija, yagwira ntchito yake, ndipo mukasanja ingokupatsani manambala abodza. Mu G lembani mtundu wa chilichonse, magetsi, madzi, fizi, lendi, machaji, liwu limodzi lolembedwa mofanana nthawi zonse. Ndiye sanjani tebulo lonse pamodzi, osati kolamu imodzi. Kuwonkhetsa mtundu umodzi:

```
=SUMIF(G:G,"magetsi",C:C)
```

Bambo a Mapasa: Ine vuto langa linali lina, ndinaphatikiza ya banki ndi mameseji a Mpamba ndiye zinaoneka ngati ndimadya ndalama kuposa salale yanga kkkk. Kumeneko nkuti 50 pin yomwe ndakankha kuchoka kubanki kupita mufoni ndaiwerenga ngati yatha, kenako ndaiwerenganso pogula zinthu ndi Mpambayo. Panopa ndimailemba kuti "kusamutsa" osaiika pa zogwiritsa, chaji yokha ndi yomwe ndimawerengera.

Mayi wa ku Chilinde: Zimenezo zindikhudzanso, ndili ndi Airtel Money. Nanga zotapa kwa ejenti? Pafupifupi theka la mizere yanga ndi kutapa basi, sitetimenti siikunena kuti ndinagula makala kapena ndiwo.

Mtsikana wa ku Poly: Ingolembani "msika" zonsezo

Bambo a Mapasa: Ayi aise, umo ndi momwe mumabisala za minibasi, chopereka cha kutchalitchi ndi zamaliro. Akazi anga amalemba mukakope madzulo aliwonse koma kunena zoona timatha sabata imodzi kenako taiwala

Mjomba wa Kabaza: Tumizani chithunzicho pano tikuwerengereni

Akalaliki Opuma: Musayerekeze mayi, pali nambala ya akaunti ndi dzina lanu, gulu lino lili ndi anthu ambiri osawadziwa.